Sikelo sinasunthe, koma ndowa inapepuka

Kwa zaka ziwiri, mayi wina wa ku Chilomoni, wa zaka 46, ankakwera pa sikelo m'mawa uliwonse. Ikaonetsa makilogalamu 78, tsikulo nkhomaliro sankadya. Thupi silinachepe, koma mphamvu ndi zimene zinkatha. Ndowa ya madzi ankachita kusenzetsedwa, ndipo podzuka pamkeka ankayamba agwira khoma.

Namwino amene ankawayeza kuthamanga kwa magazi anawauza kuti, "Mayi, mukamadzimana chakudya osagwiritsa ntchito minofu, sikuti amachoka ndi mafuta okha. Minofu nayo imafwota." Anawalangiza kulimbitsa minofu masiku awiri pa mlungu, monga limanenera bungwe loona za umoyo padziko lonse.

Zitsulo analibe. Anayamba ndi chigubu cha malita 5 chodzaza madzi, poti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Lolemba ndi Lachinayi ankachita zinthu zitatu: kukhala pampando n'kudzuka atakumbatira chigubucho, kuchinyamula pansi msana uli wowongoka, ndi kuchikweza pamwamba pa mutu ndi manja onse awiri. Chilichonse ankachita kakhumi, n'kupumula mphindi ziwiri, n'kubwerezanso. Ankatulutsa mpweya pokweza, chifukwa kubanika kumakweza magazi. Zikayamba kuphweka moti n'kufika ka 12 osavutika, ankawonjezera kulemera pang'ono. Patapita milungu isanu ndi umodzi, anagula zitsulo kwa wowotcherera.

Mlungu woyamba ntchafu zinawawa masiku awiri, sikelo n'kukwera kufika 79. Anafuna kusiya. Koma kuwawa kotere n'kwa minofu yosazolowera ndipo kumatha kokha, komanso minofu imene yayamba ntchito imasunga madzi. Ululu woyenera kuuopa ndi wobaya m'bondo kapena mumsana, kupweteka pachifuwa, kapena chizungulire. Zikatero, siyani ndipo pitani kuchipatala.

Mayiwa anasiyanso kudumpha chakudya. Pambali pa nsima ndi masamba sipankasowa nyemba, soya, mtedza kapena dzira, poti minofu imamangidwa ndi zakudya zomanga thupi.

Miyezi itatu itatha, sikelo inaonetsa 77. Kilogalamu imodzi yokha! Koma tepi ya telala inanena zina: pamchombo panachoka masentimita 5, kuchoka pa 94 kufika pa 89. Chifukwa chake n'chakuti kilogalamu ya minofu imatenga malo ochepa poyerekeza ndi kilogalamu ya mafuta, pamene sikelo imangophatikiza zonse pamodzi. Mafuta a pamimba ndiwo amayenderana kwambiri ndi matenda a shuga ndi a mtima, choncho tepi imauza munthu zimene sikelo singanene.

Ulendo ukadalipo. Mayiwa ndi aatali masentimita 160, ndiye akufuna kuti pamimba pasapitirire theka la msinkhu wawo, masentimita 80. Sikelo amakwerapo kamodzi pamwezi, ndipo ndowa ya malita 20 amadzisenza okha.