Lolani ntchito zikusakeni pa Telegram, koma sefa muitchere bwino

Chaka chilichonse ku Domasi College of Education kumatuluka aphunzitsi atsopano, ndipo ambiri amayamba ntchito ina yosalipidwa: kutsegula masamba a ntchito m'mawa, masana ndi usiku. Bandulo imatha, netiweki imavuta, ndipo nthawi zina malonda oyenera umadzawaona tsiku lotsekera litadutsa kale. Komatu kulondera kumeneku mutha kukusiyira makina, popanda kulemba pulogalamu kapena kulipira kanthu.

Pamafunika zinthu zitatu: gwero la malonda a ntchito, wolondera gwerolo, ndi malo ofikira uthenga. Titengere chitsanzo cha mphunzitsi wa ku Songani amene akufuna ntchito ya zamaphunziro m'mabungwe, makamaka ku Zomba kapena ku Machinga.

Gwero labwino ndi tsamba lokhala ndi RSS. Uwu ndi mndandanda umene tsamba limatulutsa kuti makina aziwerenga, ndipo chinthu chatsopano chikaikidwa chimaoneka pamwamba. ReliefWeb, tsamba la nthambi ya United Nations yotchedwa OCHA, lili nawo. Pitani ku Jobs, sankhani Malawi, kenako koperani linki ya RSS ya zotsatirazo. Masamba ambiri opangidwa ndi WordPress nawonso amapereka mndandandawu mukawonjezera chimodzi mwa izi kumapeto kwa adiresi yawo:

```
/feed/
/?feed=job_feed
```

Mukatsegula n'kuona zilembo zambirimbiri zosakanikirana ndi mitu ya ntchito, musadabwe, ndiye kuti mwaupeza. Tsamba likanena kuti palibe chotere, gwero limenelo silingagwire panjira imeneyi.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangotumiza pa WhatsApp, poti ndi pomwe tonse tili. Vuto n'lakuti WhatsApp imalola makina kutumiza mauthenga kudzera pa njira ya amabizinesi, yofuna kulembetsa ku Meta ndi kutsata malamulo angapo. Pa Telegram aliyense atha kupanga kaloboti kake m'mphindi zochepa. Sakani @BotFather, mumulembere:

```
/newbot
```

Akufunsani dzina la kalobotiko ndi dzina lina lothera ndi bot, kenako akupatsani token, mzere wautali wa manambala ndi zilembo. Ameneyu ndi kiyi, ndiye musamujambule n'kuponya pa gulu. Akatuluka, lamulo la /revoke limapha wakaleyo n'kukupatsani wina. Mukatero tsegulani kaloboti kanu mudine Start. Ambiri amaiwala apa, chonsecho kaloboti ka Telegram sikangayambe kulembera munthu amene sanakalankhulepo. Pomaliza lemberani @userinfobot kuti akuuzeni nambala yanu ya Id, yomwe ndi adiresi yofikira mauthenga.

Wolondera wathu ndi Make, tsamba lolumikiza mapulogalamu pongodina ndi kukoka. Pa foni limapanikiza, choncho bwerekani laputopu kwa ola limodzi kapena yatsani Desktop site mu Chrome. Pangani Scenario yatsopano, muyambe ndi RSS, musankhe Watch RSS feed items, muike linki ija. Kenako onjezerani Telegram Bot, musankhe Send a Text Message or a Reply, muike token, ndipo pa Chat ID mulembe nambala ija. M'bokosi la uthenga muikemo Title ndi URL basi. Osaikamo malonda onse, chifukwa Telegram imakana uthenga wopitirira zilembo 4,096.

Tsopano pofunika kwambiri ndi pa sefa. Mukadina mzere wolumikiza zigawo ziwirizo mupeza poika Filter. Popanda sefa muzilandira chilichonse, za madalaivala ndi za owerengera ndalama zomwe, mpaka mudzatseka kulira kwa mauthenga n'kuphonya yofunikayo. Koma sefa ya maso ang'onoang'ono ndi yoopsa kuposa apo, chifukwa imataya ntchito mwakachetechete inu osadziwa.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wathu walamula kuti mutu ukhale ndi mawu akuti Teacher komanso Zomba. Malonda a mutu wakuti Education Officer sadutsa, ngakhale ntchitoyo ikumuyenera. A mutu wakuti Science Teacher nawonso sadutsa ngati dzina la boma alilemba m'kati mokha. Njira yabwino ndi kusankha mawu atatu kapena anayi, monga Teacher, Education, Tutor ndi Lecturer, n'kuwalumikiza ndi Add OR rule, kutanthauza kuti limodzi lokha likapezeka malondawo adutse. Musankhenso Contains (case insensitive), kuti zilembo zazikulu ndi zazing'ono zisasiyanitsidwe. Za boma zisiyeni kaye. Mabungwe ambiri amalemba Lilongwe kapena Malawi chabe pomwe ntchitoyo ili kumaboma, ndipo kuwerenga mitu iwiri yosakukhudzani n'kwabwino kusiyana ndi kutaya umodzi wanu.

Musanayatse, yesani. Pa Choose where to start sankhani zakale zonse, mudine Run once, muone ngati mauthenga afika. Mukakhutira, bwererani musankhe From now on kuti muzilandira zatsopano zokha.

Chotsala ndi masamu pang'ono. Akaunti yaulere ya Make imapereka makirediti 1,000 pa mwezi, ndipo nthawi iliyonse wolondera akasuzumira gwero amadya imodzi, apeze kanthu kapena ayi. Uthenga uliwonse wotumizidwa umadyanso imodzi, pomwe zimene sefa yataya sizidya kanthu. Mukamuika kuti azisuzumira mphindi 15 zilizonse, ndi ka 96 pa tsiku, kutanthauza 2,880 pa masiku 30. Apa makirediti atha tsiku la 11 lisanadutse, ndipo foni ingokhala chete inu n'kumaganiza kuti ntchito zasowa. Mukaika mphindi 120, ndi ka 12 pa tsiku, 360 pa mwezi, n'kutsala 640 a mauthenga. Malonda a ntchito amakhala masiku angapo asanatsekedwe, choncho kuchedwa kwa maola awiri sikungakulandeni mwayi. Mukatero yatsani batani la ndondomekoyo, chifukwa Run once imagwira kamodzi kokha.

Ubwino wake, zonsezi zimachitikira pa makompyuta a Make, osati pa foni yanu. Magetsi a Escom akazima kapena bandulo ikatha, mauthenga amakudikirani pa Telegram.

Nanga kukakhala zii kwa sabata yathunthu? Tsegulani History mu Make. Ngati mulibe zatsopano, ndiye kuti wolondera wazima, mwina makirediti atha kapena walakwitsa kangapo motsatizana, ndipo muyang'ane imelo yanu. Ngati mwalembedwa chat not found, simunadine Start kapena Chat ID ndi yolakwika. Ngati RSS ikupeza zinthu koma ku Telegram sikukufika kanthu, sefa yathina, onjezerani mawu.

Malire ake muwadziwenso. Wolonderayu amaona zokhazo zimene zili mu RSS. Malonda a m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times, chithunzi choyenda pa WhatsApp, kapena pepala lokhomedwa pa bolodi ku khonsolo ya Zomba, iye sangazione. Amene akudikira ntchito ya uphunzitsi m'boma azitsatabe zolengeza za unduna wa zamaphunziro ndi Teaching Service Commission. Komanso makina sazindikira wakuba. Malonda akafika, tsegulani tsamba la bungwe lenilenilo mutsimikize, ndipo aliyense wofuna ndalama ya fomu kapena ya intavyu pa Airtel Money kapena Mpamba mumusiye pomwepo.

Pakatha sabata ziwiri, tsegulani gwero lija nokha muyerekeze ndi zimene zafika pa foni. Mutu uliwonse wokuyenerani umene sunadutse ukuuzani mawu oti muwonjezere mu sefa.