Makina akakufunsani za ndalama yakwanu, kanani

Funso limene ndimamva kwambiri pa ntchito yanga ya ku dipatimenti ya makhadi ndi lakuti, "Bwanji mwandidula kawiri?" Mwezi wathawu anandifunsa ndi mlamu wanga, namwino wogwira ntchito ku Britain. Anaima ku Joni pobwera kumudzi, natapa marandi pa makina a ATM ndi khadi lake la mapaundi. Ataona sitetimenti anandiimbira ali wokwiya. "Alamu, inu anthu a kubanki ndinu akuba. Ine ndinasankha bwinobwino kuti andilipiritse m'mapaundi kuti pasakhale zachinyengo, koma onani zimene andichita."

Pamene mlamu wanga ankaganiza kuti wadziteteza, m'pamene anataya ndalama zambiri. Bodza limeneli, lakuti kusankha ndalama yakwanu pa makina akunja n'kuchenjera, landitopetsa.

Za kudulidwa kawiri n'zosavuta. Mukalowetsa khadi m'makina a dziko lina, mabanki awiri amagwira ntchito. Yoyamba ndi banki ya makinawo, imene yagula makina, kuikamo ndalama ndi kulipira alonda. Inu si kasitomala wake, ndiye imakulipiritsani pogwiritsa ntchito makina ake, ndipo ndalamayo imaonekera pagalasi musanavomere. Ku Thailand, mwachitsanzo, makina ambiri ankadula mabati 220 kwa zaka zambiri pa khadi lililonse lakunja. Yachiwiri ndi banki yanu, imene inakupatsani khadi. Iyo imadula yake chifukwa chotapa muli kunja, ndipo nthawi zambiri imaonjezera peresenti yosinthira ndalama. Pakati pa mabanki awiriwa pali Visa kapena Mastercard, amene amanyamula uthenga ndi kuika reti ya tsikulo, kutanthauza mtengo wosinthira ndalama. Ineyo ndimaona kuti mabanki ena amadula mopyola muyezo, koma kudulidwa mbali ziwiri si kulakwitsa kwa makina, ndipo kudandaula sikubweza ndalamayo.

Chimene chimandiwawa ndi chachitatu, chifukwa n'chopeweka. Makina akazindikira kuti khadi lanu ndi lakunja, ena amakufunsani ngati mukufuna kulipiritsidwa mu ndalama ya dziko limene muli kapena mu ndalama ya khadi lanu. Kuntchito timati DCC, ndipo pagalasi nthawi zina pamalembedwa Dynamic Currency Conversion. Tanthauzo lake ndi lakuti mwini makina akupempha kuti asinthe ndalamayo iyeyo, pa reti yake, m'malo mwa reti ya Visa kapena Mastercard. Zili ngati osintha ndalama a pa boda ya Mwanza amene amakuthamangirani musanatsike n'komwe basi. Amakuuzani msanga chimene mulandire, koma retiyo aika okha, ndipo phindu lawo lili momwemo.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi ziwerengero zongoyerekezera, zofanana ndi zimene timaona. Munthu watapa R2,300, ndipo tsikulo reti ya Visa ndi marandi 23 pa paundi imodzi. Mwini makina wadula R50, zonse pamodzi R2,350. Akasankha marandi, Visa imasintha ndalamayo kukhala £102.17. Banki yake ikuonjezera 2.75 peresenti, monga mabanki ena a ku Britain amachitira, ndiye £2.81, kenaka £1.50 yotapira kunja. Mu akaunti muchoka £106.48.

Tsono munthu yemweyo asankhe mapaundi. Mwini makina akaika 7 peresenti yake, reti imatsika kufika pa marandi 21.39. R2,350 yomwe ija tsopano ndi £109.86. N'zoona kuti banki yake mwina sidulanso 2.75 peresenti, popeza ndalamayo yafika ili kale m'mapaundi, koma £1.50 ija ikhoza kukhalapobe. Zonse pamodzi £111.36. Kusiyana kwake ndi £4.88, marandi oposa 100, pa kudina batani limodzi lokha. Marandi amene atuluka m'makina ndi omwewo. Ndipo pali mabanki ena amene amadula peresenti yawo pa chilichonse chochitikira kunja, kaya m'ndalama yanji, moti munthu amalipirira kusintha kumodzi kawiri.

Anthu amandiuza kuti akasankha ndalama yakwawo amadziwiratu chimene alipire. Inde amadziwiratu, ndipo chimenecho n'chokhacho chimene akugula. Mukasankha ndalama ya dzikolo, reti yeniyeni mumaiona pambuyo pake, chifukwa nthawi zina imakhala ya tsiku limene mabanki amalizitsa zowerengera, mwina mawa kapena mkuja. Koma marandi kapena mayuro sasuntha kawirikawiri ndi 7 peresenti m'masiku awiri. Kulipira zochuluka chotero pofuna kupewa kusuntha kochepa ndi malonda oipa.

Okonza makinawa amadziwa mantha a mlendo. Munthu watopa ndi ulendo, kumbuyo kwake kuli mzere, akuyang'ana uku ndi uku kuopa akuba, ndipo pagalasi pakubwera ndalama imene akuidziwa, yolembedwa zikuluzikulu. Batani lovomera limaoneka bwino, ndipo pambali pake pamakhala mawu ngati Guaranteed exchange rate. Lokana limalembedwa ngati mukutaya mwayi: Continue without conversion kapena Decline conversion. Ambiri amaopa kuti akadina limeneli ndalama sizituluka. Zimatuluka. Makina ena amafunsanso kachiwiri ngati mwatsimikiza, ndipo yankho ndi lomwelo. Malamulo a Visa ndi Mastercard amati mwini khadi apatsidwe ufulu wosankha, ndipo m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, kuyambira mu Epulo 2020, makina akuyenera kuonetsa peresenti imene aonjezera pamwamba pa reti ya banki yaikulu ya mgwirizanowo. Mukaona peresentiyo pagalasi kapena pa lisiti, dziwani kuti ndi mtengo wa batani limenelo.

Amene muli ndi makhadi a kwacha mwina simunafunsidwepo funsoli, chifukwa makina ambiri akunja sasinthira mu kwacha. Koma makina akakupatsani madola pamene akaunti yanu ndi ya kwacha, kanani ndithu. Mwini makina adya pake posintha kupita ku madola, banki yanu idyanso posintha madolawo kupita ku kwacha. Amene muli ndi maakaunti a madola, kapena makhadi a marandi ndi mapaundi, funsoli mukumana nalo kawirikawiri, ngakhale m'mashopu ndi m'mahotela polipira ndi khadi.

Zina ndi zazing'ono, ndipo zimatengera banki yanu. Ndalama yotapira imene sisintha, monga R50 ndi £1.50 zija, imadulidwa nthawi iliyonse mukatapa, choncho kutapa kamodzi ndalama yokwanira kumaposa kutapa pang'onopang'ono, bola musayende ndi chikwama chodzadza m'misewu ya ku Joni. Musananyamuke funsani banki yanu kuti imadula zingati kunja, malire otapira ndi otani, komanso ngati khadi lanu n'lotsegulidwa kugwira ntchito kunja. Khadi la ngongole lisakhale lotapira, chifukwa nthawi zambiri chiwongola dzanja chimayamba tsiku lomwelo. Sungani lisiti. Ngati makina asinthira mu ndalama yakwanu osakufunsani, banki yanu ikhoza kukutengerani dandaulo, ngakhale zimatenga nthawi ndipo sindingalonjeze kuti mupambana. Koma ngati munadina nokha batani lovomera, palibe chimene ife a kubanki tingachite.

Ndiye mukakhala ku Joni sankhani marandi, ku Dar es Salaam mashilingi, ku Paris mayuro. Makina akakuuzani kuti ndalama yotapira ndi yokwera kwambiri, muli ndi ufulu wodina Cancel, kutenga khadi lanu ndi kukayesa makina a banki ina.