Mtengo ukalakwika, imelo yachiwiri ilembedwe bwanji?

Tiyerekeze kuti kampani yodinda matisheti ku Limbe yatumizira sukulu ina kotesheni pa imelo: matisheti 200 pa K8,500 iliyonse, zonse pamodzi K1,700,000. M'mawa mwake mlembi watulukira kuti anatenga mtengo pamndandanda wakale. Mtengo weniweni ndi K9,800. Zoterezi sizivuta kuchitika mitengo ikamasintha mwadzidzidzi, monga mu Novembala 2023 pomwe ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti.

Ambiri amathamangira kubweza imelo ija, koma sizimatheka. Pa Gmail, batani la Undo limakudikirani masekondi osapitirira 30 basi, ndipo Recall ya Outlook imagwira ntchito pakati pa anthu a kampani imodzi. Imelo yopita kwa kasitomala ikapita yapita.

Chofunika ndi kulemba ina tsiku lomwelo. Yankhani pa imelo yoyamba ija podina Reply All, kuti akauntanti wa sukulu, amene analandira nawo mtengo wolakwika, aone kukonzaku. Mutu wa imelo unene poyera kuti mukukonza mtengo. Mawu ake akhoza kukhala otere:

"Wokondedwa a Mphunzitsi Wamkulu, pa kotesheni yadzulo tinalemba K8,500 pa tisheti iliyonse. Tinalakwitsa, pepani: tinatenga mtengo wakale. Mtengo woona ndi K9,800, choncho matisheti 200 akukwana K1,960,000, kutanthauza kuti ndalama zakwera ndi K260,000. Tatumiza kotesheni yatsopano yolowa m'malo mwa yadzulo. Tidikira kumva kwa inu tisanayambe kudinda."

Onani kuti manambala onse alipo: wakale, watsopano ndi kusiyana kwake. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Chifukwa cha manyazi amangotumiza kotesheni ina mwakachetechete, ati "onani yatsopanoyi". Kasitomala amatsala ndi mapepala awiri ofanana, ndipo tsiku lolipira amatulutsa wotsika mtengo uja. Ndi chifukwa chake kotesheni yatsopano iyenera kukhala ndi nambala yake ndi deti lake. Kupepesa kamodzi n'kokwanira, ndipo kutchula dzina la mlembi amene analakwitsa n'kosafunika, pakuti kasitomala akuchita malonda ndi kampani.

Koma imeloyi ili ndi malire. Imathandiza ngati sukulu isanavomereze mtengo woyamba. Ngati inayankha kale kuti yavomera, kapena inapereka dipoziti, ndiye kuti mwagwirizana, ndipo simungangosintha mtengo panokha. Pamenepo yambani mwaimba foni, fotokozani, pemphani. Mwina mugawana K260,000 ija, mwina muchepetsa matisheti, mwinanso sukulu ikana ndipo kampani iluza ndalamayo. Ine ndimaona kuti ngati kusiyanako kuli kochepa, ndi bwino kungolemekeza mtengo woyamba, n'kumuuza kasitomala kuti oda yotsatira idzakhala pa K9,800. Chilichonse chimene mwamvana pafoni, chilembeni pa imelo yomweyo ndipo mupemphe sukulu iyankhe kuti yavomera.