Kakalata ka K50 m'jumbo ya masikono

Wophika masikono pakhomo akafuna kukweza mtengo, zimamuvuta kuposa mwini golosale. Wa golosale amangofufuta mtengo wakale pashelefu n'kulemba wina. Koma mayi wophikira m'khitchini mwake amagulitsa kwa anthu owadziwa nkhope: aphunzitsi a pasukulu yoyandikana nayo, anamwino apachipatala, mnzake wa kumvano, ngakhale alamu ake. Ambiri mwa iwo amatenga pangongole n'kudzalipira mwezi ukatha. Kuwauza anthu otere kuti sikono yakwera si nkhani yamasewera, n'chifukwa chake ophika ena amasankha kulemba kakalata n'kukaika m'jumbo pamodzi ndi masikonowo, kapena kukatumiza pafoni.

Tiyerekeze mayi wina wa patauni ngati ya Balaka kapena Mponela yemwe amaphika masikono a batala tsiku lililonse, komanso makeke akalandira oda. Kakalata kake kakhoza kuoneka chonchi:

"Makasitomala anga okondedwa, ndikukudziwitsani kuti kuyambira pa 1 mwezi wamawa sikono imodzi izikhala K750 kuchoka pa K700, ndipo keke ya tsiku lobadwa izikhala K32,000 kuchoka pa K30,000. Chifukwa chake n'chakuti fulawa ndi batala zakwera mtengo komwe ndimagula. Kukula kwa sikono sikusintha, ndipo ndipitiriza kuphikira batala weniweni. Amene mudapereka kale oda mudzalipira mtengo wakale. Zikomo pondigula nthawi zonse."

Mizere yake ndi yochepa, koma kuti mayiyu afike pa K50 imeneyi amayenera kuyamba wakhala pansi ndi kope. Mitengo yonse ya m'nkhani ino ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Aliyense aikepo mitengo ya kwawo.

Pa mphiko umodzi mayiyu amathira fulawa wokwana kilogalamu imodzi, batala magalamu 250, shuga, mazira awiri, mkaka ndi paudala wofufumitsira. Zimenezi zimatulutsa masikono 25. Tinene kuti kale fulawayo amagula K3,000 ndipo batala amagula K5,000. Shuga, mazira, mkaka ndi paudala zimadya K2,500, pomwe makala ndi majumbo zimadya K1,500. Zonse pamodzi ndi K12,000. Akagulitsa masikono onse pa K700 amapeza K17,500, kutanthauza kuti amatsala ndi K5,500. Ndalama yotsalayi ena amaitcha phindu, komatu ndi malipiro a munthu amene wadzuka 4 koloko m'mawa kukoleza moto.

Tsono fulawa wakwera kufika pa K3,600 ndipo batala wafika pa K6,000. Zonse ziwiri zakwera ndi 20 peresenti. Mphiko womwe uja tsopano ukudya K13,600. Mayiyu akapanda kusintha mtengo, K5,500 yake ija itsika kufika pa K3,900. Choopsa n'chakuti izi sizionekera msanga. Masikono akutha monga mwa nthawi zonse, ndalama ikulowa tsiku ndi tsiku, koma likafika tsiku lokagula thumba lina la fulawa ndi pomwe amaona kuti yaperewera, n'kuyamba kutapa ndalama ya ndiwo.

Apa ndi pomwe ophika ambiri amasochera, ndipo amasochera mbali ziwiri. Ena amati poti fulawa ndi batala zakwera ndi 20 peresenti, sikono nayo ikwere chimodzimodzi, ifike pa K840. Kutero n'kuwonjeza, pakuti shuga, mazira ndi makala sizidakwere m'chitsanzochi. Chomwe chawonjezereka pa mphiko wonse ndi K1,600 basi, ndipo ikagawidwa pa masikono 25 ikupereka K64 pa sikono imodzi. Ena amachita manyazi n'kungokhala chete miyezi itatu kapena inayi, kenako zikawathina amadzalumpha kuchoka pa K700 kufika pa K1,000 tsiku limodzi, makasitomala n'kuthawa.

Mtengo weniweni ukadakhala K764, koma palibe amene angabweze chenji pa mtengo wotero. Mayiyu atsala ndi K750 kapena K800. Akasankha K750 ndiye kuti wavomera kusenza yekha K14 pa sikono iliyonse, yomwe ndi K350 pa mphiko. Akasankha K800 apezako kangachepe koposa kale, komwe kangamuteteze zinthu zikadzakweranso. Onsewo ndi mayankho abwino, malinga wosankhayo akudziwa chomwe wasankha. Asaiwalenso kuwerengera masikono opserera, ophwanyika ndi aja amapereka ngati basela kwa wogula ambiri. Ngati pa 25 paja amagulitsa 23 okha, K1,600 ija agawe pa 23, ndipo yankho liyandikira K70.

Keke nayo ili ndi masamu akeake. Keke ya tsiku lobadwa imadya fulawa wochepa, mwina magalamu 300, koma batala imadya wambiri: magalamu 250 m'kati, enanso 250 opangira kirimu wopaka pamwamba. M'chitsanzo chathu batala yekha wawonjezera K2,000, pomwe fulawa wawonjezera K180 chabe. N'chifukwa chake m'kakalata muja keke yakwera ndi K2,000 pomwe sikono yakwera ndi K50. Mandasi, omwe safuna batala konse, angakhudzidwe ndi fulawa yekha. Kukweza zonse ndi mlingo umodzi kumalanga wogula mandasi chifukwa cha batala amene sadya.

Kasitomala ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chomwe zinthu ziwirizi sizikhalira pamodzi mtengo wake. Yankho lalikulu lili kudoko. Tirigu amalimidwa pang'ono m'Malawi, monga ku Tsangano m'boma la Ntcheu ndi ku Neno, koma wochuluka amene amagayidwa m'makampani amachokera kunja. Amabwera pa sitima zapamadzi mpaka kumadoko a ku Mozambique monga Nacala ndi Beira, n'kudzalowa m'dziko muno pa sitima yapamtunda kapena pa mathiraki, ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja. Nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022, mtengo wa tirigu udakwera padziko lonse chifukwa maiko awiriwa ndi ena mwa ogulitsa tirigu kwambiri. Mu May chaka chomwecho kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Kwacha ikagwa, thumba lomwelo la tirigu limafuna makwacha ambiri ngakhale mtengo wake m'madola usasinthe.

Batala ndi wodula mwachibadwa. Kuti papezeke kilogalamu imodzi pamafunika mkaka wokwana malita pafupifupi 20 kapena kuposerapo, chifukwa amapangidwa ndi mafuta okhaokha a mumkakamo. Wambiri amene amapezeka m'masitolo akuluakulu amachokeranso kunja, ndipo amayenda komanso kusungidwa m'firiji. Wophika wa patauni yaing'ono nthawi zina amachita kumutuma kwa wopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Zonsezi siziyenera kulowa m'kakalata. Kasitomala sakufuna phunziro la zachuma m'jumbo ya masikono. Chomwe chimamufika pamtima n'kutchula zinthu ziwirizo ndi maina ake, chifukwa fulawa ndi batala akhoza kukaziona yekha pashelefu. Mawu oti "zinthu zakwera" ndi amene aliyense amanena, kuyambira wa minibasi mpaka wometa, ndipo anthu adasiya kuwamva.

Mzere wofunika kwambiri m'kakalata kaja ndi wonena kuti kukula kwa sikono ndi batala sizisintha. Pali njira ziwiri zokwezera mtengo mwakachetechete zomwe wophika aliyense amazidziwa. Yoyamba n'kuchepetsa sikono: mtanda womwe umatulutsa 25 uzitulutsa 28. Masamu ake amakwana, koma wogula tsiku lililonse amazindikira ndi dzanja, ndipo mwana amene amakhuta ndi sikono imodzi pa buleki amayamba kubwera kunyumba akudandaula.

Njira yachiwiri n'kusintha batala n'kuika majarini kapena mafuta ophikira. Majarini si woipa, ndipo masikono ambiri okoma a m'misika yathu amaphikidwa ndi iyeyo. Vuto n'kusintha osanena. Batala wozizira akafikisidwa mufulawa amasiya timibulu ting'onoting'ono, tomwe mu uvuni timasungunuka n'kutulutsa nthunzi imene imapangitsa sikono kukhala yopepuka ndi yonyema bwino. Majarini wofewa wa m'kontena, uja wopaka pabuledi, kawirikawiri amakhala ndi madzi ambiri, choncho sikono imaphwasuka m'malo mokwera. Mafuta ophikira amangolowerera mufulawa monse, sikono n'kutuluka yothinana. Fungo nalo limaulula. Pa kirimu wa keke, majarini amasiya mafuta omata kukamwa pomwe batala amasungunuka palilime. Wofuna kuthandiza makasitomala a m'thumba mochepa angachite bwino kuphika mitundu iwiri, ya batala ndi ya majarini wolimba wophikira, iliyonse ndi mtengo wake ndi dzina lake.

Tsiku loyambira nalo limafuna kuliganizira. Mphunzitsi amene wakhala akutenga masikono anayi tsiku lililonse pangongole adawerengera kale kuti pakutha pa mwezi apereka zingati. Kusintha mtengo pa 17 kumabweretsa mkangano pa kope la ngongole, chifukwa masiku ena akhala pa mtengo wakale, ena pa watsopano. Kuyambira pa 1, uthenga utafika sabata imodzi kapena ziwiri tsikulo lisanakwane, kumathetsa zimenezi. Oda ya keke yaukwati kapena ya chinkhoswe yomwe idalipiridwa kale theka iyenera kukhala pa mtengo womwe adagwirizana, ngakhale wophika ataluza pang'ono. Chotetezera mtsogolo n'kumauza opereka oda ya miyezi iwiri kapena itatu kutsogolo kuti mtengo udzatsimikizidwa kukatsala milungu iwiri.

Pali mawu ena omwe amaoneka aulemu koma amabweretsa mavuto. Kakalata kodzaza ndi kupepesa, kofotokozanso za fizi ya ana ndi lendi ya nyumba, kamachititsa wowerenga kuganiza kuti mtengowo ndi wokambirana, ndipo m'mawa mwake wina amabwera ndi K700 yake n'kunena kuti amuganizire poti ndi wakalekale. Lonjezo loti "zinthu zikatsika nditsitsa" nalo ndi msampha, pokhapokha wolembayo akudziwa kuti adzatsitsadi, chifukwa makasitomala amasunga mawu.

Mtengo watsopano ukayamba, kope lomwe lija ndilo limaonetsa ngati K50 ija yalandiridwa. Sabata yoyamba sikhala yodalirika, pakuti ena amanyanyala masiku awiri kapena atatu kenako n'kubwerera. Powerengera pa mphiko wa K13,600, mayiyu akagulitsa masikono onse 25 pa K750 atsala ndi K5,150. Akagulitsa 23 atsala ndi K3,650, yomwe ndi yochepera pa K3,900 imene akadapeza pa mtengo wakale atagulitsa onse. Choncho ngati patatha mwezi masikono awiri kapena atatu akutsalabe madzulo aliwonse, achepetse mtanda kuti aziphika omwe akutha, kapena ayambe mtundu wa majarini uja pa mtengo wotsikirapo.