Mphambano za mwezi mu foni mwanu: zikuti bwererani kumudzi, kodi munyamuke?

Mukakwera basi ya ku Mtendere kapena ku Chawama madzulo, suzumirani pang'ono foni ya amene mwakhala naye. Wina ali pa zigoli za mpira, wina akufunsa ngati ndalama yalowa, koma masiku ano simulephera kupezanso wina akuyang'ana bwalo lodulidwa magawo 12 ngati keke ya pa ukwati, lodzaza tizizindikiro. Imeneyo ndi tchati ya kubadwa. Pakati pa tizizindikiroto pali tiwiri tooneka ngati mahedifoni, kena koimirira, kena kozondoka. Pa sikirini amatilemba North Node ndi South Node, ndipo ndi tomwe tikusokoneza anthu mitu, kaili akuti kena kamaulula zizolowezi zomwe munabwera nazo, kenako kamaloza kumene moyo wanu uyenera kupita.

Musavutike kuzifuna kumwamba usiku, chifukwa si nyenyezi ndipo palibe choti muone. Dzuwa lili ndi njira yomwe limaoneka kuti likudutsa pa chaka. Mwezi ulinso ndi njira yake, koma yopendekeka pang'ono, pafupifupi madigiri 5 poyerekeza ndi ya dzuwa. Njira ziwiri zozungulira zikapendekeka chonchi zimadutsana pa malo awiri, ngati mphambano za msewu. Pamene mwezi uwolokera kumpoto ndiye North Node, pamene uwolokera kum'mwera ndiye South Node. Nthawi zonse zimakhala moyang'anizana, ndiye mukadziwa pomwe pali imodzi, inzakeyo mwaidziwa kale. Mphambanozi sizikhala malo amodzi. Zimabwerera chammbuyo pang'onopang'ono, madigiri opitirira pang'ono 19 pa chaka, ndipo zimamaliza bwalo lonse m'zaka 18.6.

Ife a ku Zambia tinaionapo ntchito yake ndi maso. Pa 21 Juni 2001, nthawi itangopitirira 15 koloko, mu Lusaka munada bii kwa mphindi zopitirira pang'ono zitatu. Funsani amene anali akulu kale akuuzeni. Kadamsana amachitika pokhapokha dzuwa ndi mwezi zakumana pafupi ndi mphambano imodzi. Miyezi ina yonse mwezi umadutsa pamwamba kapena pansi pa dzuwa, n'chifukwa chake sitiona kadamsana mwezi uliwonse. Tsiku lija anakumana pafupi ndi North Node. Mpaka apa palibe chotsutsa, ndi masamu omwe akatswiri a zakuthambo amawerengera zaka zambiri zisanafike.

Manje tibwere kwa mlongo wathu wina. Amagwira ntchito m'kabuthi kotumizira ndalama pafupi ndi siteshoni, woyamba kubadwa kwawo, ndipo mwezi ukatha gawo la malipiro ake limapita kumudzi. Kwawo ndi ku Chikwa, m'boma la Chama, kwa Asenga, m'chigwa cha Luangwa komwe mpunga ndiye nkhani. Anabadwa tsiku lomwelo la kadamsana, ngakhale ku Chikwa dzuwa silinaphimbike lonse monga ku Lusaka, linangodyedwa mbali yaikulu. Mnzake wa buthi yoyandikana anamulowetsera tsikulo mu apu, ndipo zinatuluka motere: North Node pa madigiri pafupifupi 6 a Cancer, South Node pa madigiri omwewo a Capricorn.

Owerenga matchati amati South Node ndi zomwe mumachita osaganiza n'komwe, luso lomwe munalizolowera mpaka layamba kukumangani. Ena amati munachokera nazo ku moyo wina wakale, ena amangoti ndi za ku ubwana. Capricorn kwa iwo ndi ntchito, udindo, kuuma mtima, kufuna kuti zonse zidutse m'manja mwanu. North Node ndi mbali yomwe simunaizolowere, yomwe imakuchititsani manyazi koma akuti ndiko kuli kukula kwanu, ndipo Cancer ndi nyumba, amayi, banja, kulola ena akusamaleni. Ndiye apu inamuuza kuti wakhala akusenza aliyense, salola kuthandizidwa, ndipo njira yake ili kunyumba. Mtsikana anangoti kukamwa yasa. Woyamba kubadwa, wolipirira ang'ono ake sukulu, wosalira pamaso pa anthu: akanakana chiyani? Anayamba kukamba zosiya buthi kuti akalime mpunga ndi amayi ake.

Koma taonani chinthu chimene apu siinanene mokweza. Popeza mphambano zimayenda pang'onopang'ono, zimakhala m'chizindikiro chimodzi pafupifupi chaka ndi theka. North Node inali mu Cancer kuyambira Epulo 2000 mpaka Okutobala 2001. Aliyense wobadwa m'miyezi imeneyo, ku Chikwa, ku Matero, ku Lilongwe, ku Tokyo, ali ndi uthenga womwewo. Kalasi yonse yomwe anayamba nayo giredi 1, wanzeru ndi wothawa sukulu yemwe, onse akuuzidwa kuti amasenza kwambiri ndipo abwerere kunyumba. Ndipo tinene zoona, mu tauni muno ndani amene sangavomere mawu amenewo? Kondakitala, wogulitsa salaula ku Soweto, namwino, aliyense ali ndi kumudzi komwe kumamuimbira foni pa 28. Mawu okwana aliyense amamveka ngati akukamba za inu nokha, makamaka mukawawerenga mutatopa.

Owerenga matchati enieni amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amati chizindikiro pachokha sichikwana, muonenso nyumba. Magawo 12 a keke ija ndiwo nyumba, ndipo iliyonse akuti imayimira mbali ya moyo: yachiwiri ndi ndalama zanu ndi katundu wanu, yachisanu ndi chiwiri ndi ukwati, yakhumi ndi ntchito. Nyumbazi zimadalira kuzungulira kwa dziko pa tsiku, ndiye zimasintha msanga, pafupifupi maola awiri aliwonse. Apa ndiye pamafunika ola lobadwira ndi malo. Malo si vuto kwenikweni: apu ikakana Chikwa, lembani Chama kapena Lundazi, kusiyana kwake ndi kochepa. Ola ndiye mutu wa nkhani. Ambiri a ife tinabadwira kumudzi kapena pa kiliniki yaing'ono, ndipo chomwe tili nacho ndi mawu a amayi akuti “kunali kutangocha” kapena “anthu anali atabwerako kumunda.”

Mlongo wathu anaimba foni kumudzi.

“Amama, n'nabadwa nthawi yanji?”

“Iwe mwana, ndani anali ndi nkoloko? Agogo ako amati dzuwa linali litadwala.”

Ngati agogo akukumbukira bwino, ndiye kuti anabadwa cha m'ma 15 koloko. Mukalowetsa ola limenelo ndi njira yogawira nyumba yotchedwa Placidus, yomwe maapu ambiri amayambira, North Node imagwa m'nyumba ya 8, South Node m'nyumba ya 2. Tanthauzo lake akuti anazolowera kudalira thumba lake lokha, ndipo ayenera kuphunzira ndalama zogawana ndi anthu. Kwa ife kuno zimenezo zimamveka ngati chilimba, mwinanso kaloba, ndipo mukudziwa nokha momwe nkhani za kaloba zimathera. Koma azakhali ake amati ayi, mwanayu anabadwa m'mawa dzuwa likutuluka, kadamsana anabwera ali kale m'chitenje. Mukatsatira azakhali, North Node imasamukira m'nyumba ya 1, South Node ya 7, ndipo uthenga umatembenuka: leka kukhalira anthu ena, yamba kudziganizira wekha. Munthu mmodzi, tsiku limodzi, malangizo awiri okokerana kosiyana, chifukwa chabe cha kusamvana kwa agogo ndi azakhali. Ngati inu simudziwa ola lanu ndipo munangolemba 12:00 kuti apu ikuloleni kudutsa, zonse zomwe ikunena za nyumba ziikeni pambali.

Palinso kusokonekera kwina komwe ambiri amakumana nako akatsitsa apu yachiwiri. Ya ku India sidzalemba North Node ndi South Node, idzalemba Rahu ndi Ketu. Nthano yawo imati chiwanda china chinaba chakumwa chopatsa moyo wosatha, mulungu Vishnu anachidula khosi, mutu unakhala Rahu ndipo thunthu linakhala Ketu, ndipo mpaka lero mutuwo umameza dzuwa ndi mwezi pobwezera kuti ndiwo anachiulula. Amwenye amawerenga zizindikiro motsatira pomwe nyenyezi zilidi, pamene a kumadzulo amayambira pa nyengo za chaka, ndipo awiriwa panopa akusiyana ndi madigiri pafupifupi 24. Chotsani 24 pa malo a mlongo wathu, North Node yake yachoka mu Cancer yalowa mu Gemini, South Node yapita mu Sagittarius. Za kunyumba ndi amayi zija zatha, manje akuuzidwa za kulankhula, kuphunzira ndi malonda, zomwe ndi buthi yake yomweyo. Foni siinafe, maapu awiriwo akungotsatira miyambo iwiri. Kusiyana kwa True Node ndi Mean Node komwe mumakuona mu masetingi n'kochepa, sikufika madigiri awiri, ndipo kumakhudza okhawo obadwa pamene mphambano inali pamalire a zizindikiro.

Za moyo wakale, musaganize kuti ndi nzeru yomwe a ku Ulaya akhala nayo kuyambira kale. Mabuku awo akale ankazitcha mutu ndi mchira wa chinjoka, mutu wochulukitsa zinthu, mchira wochepetsa. Kuziwerenga ngati ulendo wa mzimu kunafala posachedwa, makamaka ndi mabuku a Martin Schulman a m'ma 1970 ndi la Jan Spiller, Astrology for the Soul, la mu 1997. Zambiri zomwe mumaona pa foni ndi zidzukulu za mabuku amenewa. Ndipo pamene Shawn Carlson anayesa owerenga matchati, m'kafukufuku yemwe anatuluka m'magazini ya Nature mu 1985, sanathe kulumikiza tchati ndi khalidwe la mwini wake kuposa munthu wongolota.

Ine ndimaona kuti funso lomwe mphambanozi zimafunsa ndi labwino: ndi chizolowezi chiti chomwe chinakupulumutsani muli mwana koma lero chikukutsekerani njira? Mlongo wathu angaliyankhe bwino lomwe popanda ola lobadwira. Koma zosiya ntchito zili ndi mafunso ake omwe tchati siwadziwa: munda ndi wa ndani, mpunga adzaugulitsa kwa ndani ndipo pa mtengo wanji, msewu wa ku Lundazi umakhala bwanji mvula ikagwa, ndipo akasiya buthi, fizi ya ang'ono ake ichokera kuti.

Mukumane nayenso wina wokuuzani kuti nthawi yanu yafika, lipirani msanga akuwerengereni. Nthawi imeneyo mungaiwerenge nokha pa kalikyuleta ya foni. North Node imabwerera pomwe inali tsiku lomwe munabadwa pakatha zaka 18.6, ndiye aliyense amakumana nazo ali ndi zaka 18 ndi miyezi 7, kenako 37, kenako pafupifupi 56. Kwa wobadwa mu Juni 2001, kubwerera koyamba kunali kumayambiriro kwa 2020, msinkhu womwe ambiri amakhala atangomaliza giredi 12 ndipo akufunafuna kolowera, kaya ali ndi tchati kaya alibe. Pakati pake mphambano zimasinthana malo, North Node n'kukhala pomwe panali South Node, pa zaka 9, pa zaka pafupifupi 28, ndi pa 46. Kwa mlongo wathu ndi anzake ambiri a 2001, kusinthana kotsatira kudzagwa mu 2029.