Anthu 18 Okha? Mmene Kafukufuku Wongocheza ndi Anthu Amasonyezera Kuti Ngoona

Funso limene wophunzira wa ku yunivesite amaliopa akaimirira kufotokoza kafukufuku wake ndi lalifupi: "Mwacheza ndi anthu angati?" Akayankha kuti 18, wofunsa uja amapukusa mutu. M'kalembera wa 2018, Malawi anapezeka ndi anthu oposa 17 miliyoni. Ndiye anthu 18 angauze dziko chiyani?

Wofunsayo sanalakwe kwenikweni, koma watenga muyeso wa chimanga n'kukayezera mkaka. Kafukufuku wa manambala amafunsa kuti ndi angati, ndipo mphamvu yake ili pa kusankha anthu ambiri mwamayere kuti aimire gulu lonse. Kafukufuku winayu, amene a ku yunivesite amamutcha kwalitetivu, amafunsa kuti zimachitika bwanji, nanga eni ake amaziona motani. Sawerenga mitu. Amakhala pansi, amamvetsera, amaonerera. Vuto n'lakuti munthu amene wangomvetsera akhoza kubwerako ndi nkhani imene anapita nayo kale m'mutu, ndipo palibe masamu amene angamugwire.

Mu 1985 Yvonna Lincoln ndi Egon Guba a ku America analemba buku lotchedwa Naturalistic Inquiry, ndipo anaika mafunso anayi m'malo mwa masamuwo. Kodi zimene walemba zikugwirizana ndi moyo wa anthu amene unacheza nawo? Kodi munthu wa kwina angadziwe ngati zikukhudzanso kwawo? Kodi njira imene unayenda wina angailondole? Kodi mfundo zako zachokera m'mawu a anthu, kapena m'maganizo ako? Onse anayi akayankhidwa, ndiye amati kafukufuku ngodalirika. Mayina ake ophunzira amaloweza mosavuta. Chimene chimavuta ndi kuonetsa ntchito yake, choncho tiyeni tione pa mjigo.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina akufufuza chifukwa chake mjigo wa m'mudzi wina wakhala miyezi isanu uli wofa, pomwe chawonongeka ndi karabala ka mkati kamene mtengo wake sungagule n'komwe mbuzi. Mjigowo ndi wa mtundu wa Afridev, umene unapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kukonza okha. Komiti ilipo. Lamulo loti banja lililonse lizisonkha mwezi ndi mwezi lilipo.

Tsiku loyamba afumu amuitanira anthu pansi pa mtengo wa mango. Aliyense amene waimirira akunena chimodzi: umphawi, ndalama zikusowa. Akanakwera minibasi madzulo omwewo, akanalemba kuti anthu onse amene anafunsidwa anati vuto ndi umphawi, ndipo sakananama. Koma amene anakulira kumudzi akudziwa kuti mlendo wonyamula kope amaoneka ngati wa bungwe, ndipo wa bungwe sumuuza kuti muli ndi ndalama. Akudziwanso kuti pamaso pa amfumu pali mawu amene satuluka.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtsikanayo akukhala masabata asanu ndi limodzi, akugona kwa mphunzitsi, m'mawa akulawirira ndi ndowa kupita kudambo kumene amayi akutunga pachitsime. Sabata yachitatu, pamene asiya kumutcha "a madamu" n'kuyamba kumutuma kuti awatule mtsuko, mayi wina akupukuta m'manja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ife kusonkha tinkasonkha. Koma ndalama zija zinadyedwa." Ena awiri akuseka, wina akuyang'ana kumbali.

Apa mpamene ofufuza ambiri amagwa, chifukwa nkhani yachiwiri imakoma kuposa yoyamba, ndipo imene yanong'onedwa timaiyesa yoona. Komatu kunong'ona si umboni. Pabwalo la milandu mfumu yanzeru sigamula itamva mbali imodzi, ndipo wofufuza naye ayenera kufika pa mfundo yake kudzera njira zingapo zosadalirana. Norman Denzin anatchukitsa njira imeneyi m'zaka za m'ma 1970. Mtsikana uja akupempha kope la komiti. Akupeza kuti mabanja 41 mwa 60 ankasonkha mpaka mwezi wa Febuluwale, kenako mayina akutha mwadzidzidzi, osati pang'onopang'ono monga zikanakhalira njala ikanakhala chifukwa. Akucheza ndi msungichuma payekha, amenenso ndi mphwake wa amfumu. Akucheza ndi mmisiri wa mijigo wa m'deralo, amene akukumbukira kuti anaitanidwa, anatchula mtengo, ndipo sanamvenso kanthu. Kope, mmisiri ndi amayi a kudambo sanapangane, koma onse akuloza mwezi umodzi. Chenjezo n'lakuti amayi khumi amene onse anamva kwa munthu mmodzi si mboni khumi, ndi mboni imodzi.

Akatero amabwerera kwa eni nkhani kukawawerengera zimene wamva. Iye analemba kuti msungichuma anaba. Gogo wina akumudula: "Iyayi mwanawe, sanabe. Kunagwa maliro kwa amfumu, anatengako zogulira bokosi, n'kunena kuti abweza akagulitsa fodya. Chatipweteka ife n'chakuti sanatiuze pagulu." Taonani mmene mfundo yasinthira. Mawu oti "kudya ndalama" iye anawamva ngati kuba, pomwe eni ake akudandaula za kubisa, komanso kuti palibe amene angalimbe mtima kulonjerera ngongole kubanja lachifumu. Ichi n'chimene chafunikira kwa aliyense wofuna kuti mjigo ugwire ntchito, ndipo fomu ya mafunso yochonga inde kapena ayi sikanachitola.

Ine njira yobwerera kwa eni nkhaniyi ndimaikonda, koma sindiikhulupirira ndi mtima wonse. Anthu athu ndi aulemu. Ukawawerengera chinthu cholembedwa, makamaka ukachokera ku sukulu yaikulu, ambiri amangoti "eya, n'zomwezo." Amfumu nawo akhoza kukana zonse, ndipo kukana kwawo sikusandutsa zoona kukhala bodza. Lipoti labwino limanena kuti linawerengedwa kwa yani, padera kapena pagulu, anatsutsa chiyani, ndipo wolemba anasintha pati kapena anakaniranji kusintha. Lipoti longoti "ofunsidwa anatsimikizira zotsatira" silinanene kanthu.

Palinso ntchito imene aulesi amaithawa, yofunafuna dala chimene chingagwetse mfundo yako. Mwa mabanja 19 amene sankasonkha n'kale lonse, kodi nawonso ndi nkhani ya maliro? Akawayendera akupeza kuti ambiri amakhala kufupi ndi dambo, mjigo uli kutali nawo, ndipo atatu ndi a nkhalamba zimene zilibedi kanthu. Ndiye kuti umphawi uja sunali bodza lenileni, unali chifukwa cha ochepa chimene onse anabisalamo. Mfundo yake yachepa, koma tsopano yalimba.

Zoti anthu amalankhula mosiyana kutengera amene akumva si zongoyerekeza. Kuyambira 1999, Susan Watkins ndi anzake, amene ankachita kafukufuku wa manambala wa za Edzi ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi, anapempha anthu ena a m'midzi kuti azilemba m'makope zimene amva anzawo akukambirana za matendawa, pamjigo, pamaliro, pabawo kapena m'basi. Panthawi imene ambiri ankati anthu a kumudzi sakamba za Edzi, makopewo anaonetsa kuti ankakamba kwambiri, kutchula amene akumukayikira ndi kulangizana. Njirayo inali ndi malire ake, poti olembawo ankalemba zokumbukira ndipo ankalipidwa, koma ofufuzawo malirewo anawalemba poyera.

Tsopano funso lija la anthu 17 miliyoni. Mtsikanayu sanganene kuti mijigo ya m'Malawi imafa chifukwa cha maliro a kwa mfumu. Sanganenenso kuti "anthu 72 pa 100 alionse" akutanthauza anthu 13 mwa 18 amene anawasankha yekha. Maperesenti otere ndi chovala chobwereka. Lincoln ndi Guba anati ntchito yoweruza ngati zopezeka kuno zingagwire kwina ili m'manja mwa wowerenga amene akudziwa kwinako. Udindo wa wolemba ndi kufotokoza malo mokwanira kuti wowerengayo athe kufananiza. Clifford Geertz, mu 1973, anatchukitsa kalembedwe kotere, kofotokoza chochitika pamodzi ndi zonse zimene zimachipatsa tanthauzo. Choncho lipoti liyenera kunena kuti mudziwo ndi wa mabanja 60, ambiri ndi a mtundu umodzi, amatsata chikamwini, msungichuma ndi wa kubanja lachifumu, ndalama zimasungidwa m'nyumba, dambo lili pafupi ndipo siliuma mpaka Okutobala. Wogwira ntchito za madzi ku Mzimba akawerenga adzati, kwathu ukwati ndi wolowola, chitsime china kulibe, izi sizingafanane ndendende, koma za msungichuma wachibale ndi mfumu ndazionapo. Kusamutsa kwake n'kumeneko. Pali msampha umodzi: ukafotokoza kwambiri, aliyense wa m'deralo adziwa mudzi ndi munthu amene ukunena. Mayina amasinthidwa, ndipo zina zosakhudza mfundo zimabisidwa.

Nanga 18 inachokera kuti? Ofufuza amati umasiya pamene ocheza nawo atsopano sakukuuzanso chachilendo. Mu 2006 Greg Guest ndi anzake anasanthula macheza 60 ndi amayi a ku Ghana ndi Nigeria, ndipo anapeza kuti mfundo zambiri zinali zitatuluka kale m'macheza 12 oyamba. Ophunzira ambiri anagwira nambala 12 ngati lamulo, n'kuiwala kuti amayiwo anali ofanana m'zambiri ndipo ankafunsidwa mafunso amodzimodzi. Ukacheza ndi amayi a kudambo okhaokha, nkhani idzayamba kubwerezeka msanga, osati chifukwa yatha koma chifukwa sunapite kwa abambo, kwa komiti ndi kwa mmisiri.

Mafunso awiri otsala amayankhidwa ndi katoni ya mapepala. Muli mawu ojambulidwa, zolembedwa m'Chichewa momwe zinayankhulidwira, zomasulira zake, ndi kope la tsiku ndi tsiku momwe mtsikanayo analemba kuti pa 14 Juni anasiya mawu oti kuba n'kuika oti ngongole yobisa, ndi chifukwa chake. Mulinso tsamba limene akuvomera kuti anafika m'mudzi kudzera mwa amfumu, kuti ankagona kwa mphunzitsi amene sagwirizana ndi komiti, ndiponso kuti iye mwini anakulira m'tauni momwe madzi amalipira pa mita. Mphunzitsi wake amatola mfundo imodzi m'lipoti, kaya ya pa tsamba 52, n'kunena kuti, "Ndionetse amene ananena izi." Iye amatsegula katoni, amatulutsa macheza a nambala 7, 11 ndi 16, ndi chithunzi cha kope la komiti pamwezi wa Febuluwale.