Mpweya nawonso umalowezedwa: kukonzekera kulakatula popanda pepala

Mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Folomu 3, analemba ndakatulo yoti akalakatule kumudzi ku Dedza pa tsiku la chiliza cha agogo ake. Inali ya ndime 6, iliyonse ya mizere 4. Kutatsala masiku 10 anandipeza pakhonde n'kunena kuti, "Amalume, ndaloweza yonse, tamverani." Analowezadi, sanaphonye liwu ngakhale limodzi. Koma anaikhuthula yonse ngati akuthira chimanga m'chigayo, ndipo pofika ndime yachinayi mawu anali atayamba kuuma, mapewa akukwera ndi kutsika. Wotchi ya pafoni inaonetsa kuti mizere 24 waimaliza m'mphindi imodzi ndi masekondi 20. Ine, amene ndimawadziwa bwino agogowo, sindinamve chisoni chilichonse.

Mwanayo analoweza mawu okha, osaloweza malo opumira. Ambiri timatero. Timaganiza kuti kupuma kudzadzichitikira kokha, poti munthu amapuma chibadwire. Koma ukaimirira pamaso pa khamu mtima umagunda msanga, m'kamwa mumauma, mpweya umathera m'chifuwa mokha, ndipo thupi limaukoka paliponse pamene lafunira, ngakhale pakati pa ganizo. Choncho ntchito yoyamba, kuloweza kusanayambe n'komwe, ndi kutenga pensulo n'kulemba pa pepalapo malo amene mpweya udzalowere.

Tinatenga ndime yachitatu, imene inali mtima wa ndakatuloyo:

Mtondo wa agogo wagona pakhonde,
munsi wake tinaubwereketsa kutsidya.
Nkhuku zimabwerabe m'mawa kudzafuna gaga,
zimazungulira, zimazungulira, n'kubwerera.

Poyeza kutalika kwa mzere wa Chichewa musawerenge mawu, werengani maphatikizo, aja tinkaomba nawo m'manja ku Sitandade 1. Mawu athu ndi onyenga: "tinaubwereketsa" ndi liwu limodzi papepala, koma lili ndi maphatikizo 7 ndipo limadya mpweya wa mawu atatu. Mzere woyamba wa ndimeyi uli ndi maphatikizo 13, wachiwiri 14, wachitatu 16, womaliza 17. Kenako ndinamuimika mtsikanayo kumapeto kwa bwalo, ine n'kukhala pakhonde, kuti alankhule mokweza mpaka ndimve bwino. Tinapeza kuti pa mpweya umodzi amafika maphatikizo pafupifupi 20 mawu ake asanayambe kufooka. Uwo ndiwo unali muyezo wake. Wanu ukhoza kukhala wina, ndipo muupeze muli chiimirire, mukulankhula mokweza, osati monong'ona pabedi, chifukwa mawu ofika patali amatha mpweya msanga.

Zitatero zinaonekeratu chimene chinkamupha. Iye ankanena mizere iwiri yoyamba pa mpweya umodzi, maphatikizo 27, ndipo "kutsidya" ankalimeza. Komatu liwu limenelo ndilo likuuza womvera kuti munsi unachoka pakhomo ndipo palibe amene akuufunanso. Tinagwirizana zizindikiro ziwiri zokha: kamzere kamodzi kopendekeka pamene aime pang'ono osakoka mpweya, timizere tiwiri pamene akoke mpweya wokwanira. Timizere tiwiri tinaika pakutha pa mzere uliwonse wa ndimeyi. Kamodzi tinakaika pambuyo pa "zimazungulira" aliyense.

Apa ndi pamene Chichewa chili ndi khalidwe lake limene mlakatuli ayenera kulidziwa. Tikafika poima, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika lokha. Nenani "pakhonde" pakutha pa chiganizo, mumva kuti "kho" wakokeka. Nenani "pakhonde pathu", kukokeka kuja kwasamukira pa "pa" wa "pathu". Khutu la womvera linazolowera zimenezi kuyambira ali kumsana, moti likamva kukokekako limadziwa kuti ganizo lafika popumira. Ndiye mukaima pamalo polakwika, simwangopuma chabe, mwamunamiza womvera kuti ganizo latha pamene lisanathe. Nthawi zina tanthauzo limasinthiratu. "Agogo abwera" ndi uthenga woti nkhalamba yafika. "Agogo, abwera" ndi kuuza agogowo kuti alendo ena afika. Kusiyana kwake ndi kaphindi kamodzi ka chete. Makolo amene anatcha chizindikiro chotsekera chiganizo kuti mpumiro ankaidziwa nkhaniyi.

N'chifukwa chake pali malo amene simuyenera kuima ngakhale mpweya utakutherani bwanji: pambuyo pa timawu tolumikiza monga "wa", "ndi", "kuti" ndi "koma". "Mtondo wa" kenako chete, kenako "agogo", n'chimodzimodzi kudula nsima ndi mpeni. Mukaona kuti mumaima pamalo otere mobwerezabwereza, vuto silili pamenepo, lili kumbuyo: pali poima pena pamene munadutsa osakoka mpweya. Komanso si pakutha pa mzere uliwonse pamene pali mpumiro. Alakatuli ena amadutsitsa ganizo kuchoka mzere uno kulowa wotsatira, ndipo woima pa mzere uliwonse mofanana amamveka ngati ana akuimba matebulo a samu.

Kakokedwe ka mpweya kali ndi chiyeso chosavuta. Ikani dzanja limodzi pachifuwa, lina pamimba cham'munsi mwa nthiti, ndipo mukoke mpweya. Likayamba kusuntha la pachifuwa, mapewa n'kukwera, mukupumira pamwamba ndipo simufika patali. Lizisuntha la pamimba, nthiti zam'munsi zizitambasukira m'mbali. Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu umene umatsika tikamakoka mpweya, ndipo ndi umenewo umakankha mimba kunja. Amene zikumuvuta agone chagada, aike buku pamimba, aone likukwera ndi kutsika. Thupi logona limapuma moyenera lokha, ndipo akamva mmene zimakhalira aimirire n'kuyesanso. Polakatula mpweya umalowa mwachangu, m'kamwa ndi m'mphuno pamodzi, koma umatuluka pang'onopang'ono. Osadzaza mapapo mpaka kukhosi, chifukwa khosi limauma ndipo liwu loyamba limatuluka mophulika.

Titamaliza zizindikiro ndipo anayamba kulowezanso, ulendo uno pamodzi ndi mpweya. Ndinamuletsa kuwerenga pepala kambirimbiri, chifukwa kuwerenga kumakupatsa chikhulupiriro chabodza: maso amazindikira mizere, iwe n'kumati ndadziwa. Chimene chimakhazikitsa mawu m'mutu ndi kutembenuza pepala n'kuyesa kukumbukira, kulakwa, kusuzumira, n'kuyesanso. Ankachita mphindi 15 m'mawa, 15 madzulo asanagone, ndime imodzi pa tsiku, ndipo m'mawa mwake ankayamba ndi ya dzulo asanaone pepala. Tulo timathandiza kukhazikitsa zimene waphunzira, n'chifukwa chake masiku 6 a pang'onopang'ono amaposa usiku umodzi wa mchezo. Ndipo tinayambira kumapeto, ndime yachisanu ndi chimodzi, kubwerera m'mbuyo. Woyambira kumutu nthawi zonse amadziwa bwino chiyambi n'kumalowa mumdima pamene akupita. Woyambira kumchira amakhala akuyenda kulowera kwawo.

Kuiwala kuli ndi malo ake, ndipo kawirikawiri ndi pamfundo, pamene ndime ina yatha ina isanayambe. Mkati mwa ndime mawu amakokana okha, koma pamfundo palibe chokoka. Choncho tsiku lachisanu ndi chiwiri sitinachite china koma mfundo zisanu zija: mzere womaliza wa ndime, mpweya, mzere woyamba wa yotsatira. Masiku otsalawo ankalakatula akusesa, akutunga madzi, wailesi ikulira, ine n'kumamudula dala ndi funso kuti ndione ngati abwerera pamene analekera.

Za liwiro, anthu amangoti "uzilankhula pang'onopang'ono", ndipo malangizo amenewa ndimawakana. Wowatsatira amakoka liwu lililonse mofanana mpaka omvera kuyamba kuodzera. Mvetserani alakatuli amene tinazolowera kuwamva pa wailesi, monga Benedicto Wokomaatani Malunga kapena Robert Chiwamba: kalankhulidwe kawo n'kosiyana, koma palibe amene amayenda pa liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nthawi imene ndakatulo imafuna siili mkati mwa mawu, ili pakati pa mawu. M'ndime yathu ija, mzere wa nkhuku unayenera kuthamanga pang'ono monga zimabwerera nkhuku m'mawa. "Zimazungulira" wachiwiri anayenera kutsika ndi kuchedwa kuposa woyamba, pakuti liwu lobwerezedwa likanenedwa mofanana limamveka ngati wachita chibwibwi. Ndipo pambuyo pake, "n'kubwerera" asanatuluke, tinaika chete wa kuwerenga katatu mumtima. Mtsikanayo anadandaula: "Amalume, anthu aziganiza kuti ndaiwala." Ndinamujambula mawu pafoni n'kumumvetsera. Chete amene kwa iye anali ngati chaka anali masekondi awiri okha. Woimirira kutsogolo nthawi imamutalikira, choncho chete amene mukumuona ngati wakwana kawirikawiri amakhala wachepa. Tsiku lomaliza ndakatulo yonse inkatenga mphindi ziwiri ndi theka, popanda liwu lowonjezera.

Pali zinthu zimene kukonzekera kwa kunyumba sikungathe kukupatsani. Mkuzamawu amakulitsa ngakhale phokoso la mpweya, ndiye pokoka mpweya waukulu pendeketsani mutu pang'ono. M'tchalitchi kapena m'holo yaikulu mawu amabwerera, ndipo poima pafunika kutalikirako kuti a kale athe kaye. Pa ukwati amayi akaimba nthungululu, dikirani, musalimbane nazo. Mzere wonenedwa mkati mwa nthungululu watayika. Ngati mwaiwaladi, musanene kuti "pepani" ndipo musayang'ane kumwamba. Imani, tulutsani mpweya, kokani wina, yambaninso mzere woyamba wa ndime imene mulimo. Omvera alibe pepala, ndipo ndakatulo zathu zimabwerezabwereza mizere kale.

Tsiku la chiliza chinamupeza mtsikanayo si kuiwala, koma misozi. Atatchula mtondo, azakhali ake anayamba kusisima, iyenso khosi linatsekeka pakati pa mzere woyamba ndi wachiwiri. Koma pamenepo panali timizere tiwiri tija, ndipo thupi linali litazolowera kukoka mpweya pamalo amenewo kwa masiku 10. Anaima nthawi yotalikirapo, mimba inakwera, ndipo "munsi wake" anatuluka bwinobwino mpaka "kutsidya". Amene anakhala kumbuyo kwenikweni, pansi pa mtengo wa mango, anamva liwu lililonse.

Inu amene mwapemphedwa kukalakatula ku sukulu, ku ukwati kapena pa maliro, musayambe ndi kuloweza. Tengani pensulo lero lomwe, imirirani panja, nenani mokweza, ndipo mulembe pamene mudzapumire.